Zaka zisanu za Ambuya

Ambuya, lero wolemba mwala wa pamanda panu wandifunsa chaka chimene munabadwa, ine ndangoseka ndekha.

Ndakumbuka Sabata lija ku Makandanyama. Chaka cha pachitupa munachikana, munati kalaliki anangokuyang'anani nkhope n'kulemba. Ndiye banja lonse tinakhala pansi kuwerengetsa. Munati dziko likulandira ufulu munali mukuyamwitsa amalume, mwana wanu woyamba. Amalume anati poti kale atsikana ankakwatiwa msanga, tibwerere m'mbuyo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Titayang'ana khadi la ubatizo la ang'ono anu, a Tisauke, tinapeza kuti takusandutsani mapasa! Munaimirira: "Mapasa ndi ndani? Tisauke ndinkamubereka kumsana ine! Onjezani zisanu."

Tinaonjeza, tikugwa nazo nseko. Chaka chomwecho ndi chimene ndamuuza wolembayo. Ukulu wanu sakulandani munthu, Ambuya, ngakhale pamwala. Takusowani.