Ndikupempha Kukhala M'nyumbayi Mpaka Mayeso Atatha

Linali Lachinayi, cha m'ma 4 koloko madzulo, mwezi wa Febuluwale, pamene kapitawo wa pa esiteti anabwera kudzandiuza kuti ndituluke m'nyumba pakutha pa mweziwo. Anandipeza ndikuanula zovala. Sanakhale pansi. Anati dalaivala watsopano wa thalakitala wapezeka, ndipo nyumba ndi ya ntchitoyo.

Zimenezo ndinkazidziwa. Amuna anga ndiwo ankayendetsa thalakitala pa esiteti ya fodya imeneyi, cha ku Mlonyeni, ndipo anamwalira Khirisimasi itangodutsa. Kwathu ku Dambe malo analipo. Chondivuta chinali mwana wanga wotsiriza, wamkazi, yemwe anali mu Sitandade 8 pa sukulu yoyandikana ndi esitetiyo. Dzina lake linali litapita kale kuti adzalembere mayeso pomwepo mu Meyi. Kumuchotsa mu Febuluwale kunali kumuphera chaka, ndipo wachibale womusiyira kumeneko ndinalibe.

Ndinauza kapitawo kuti ndinalemba kale kalata yopempha. Anangoti, "Ine za kalata sindikuzidziwa, mayi. Kafunseni ku ofesi."

Kalatayo ndinali nditailemba ndekha mu Januwale. Sukulu ndinalekeza mu Sitandade 5, koma Chichewa ndimalemba. Ndinailemba monga mmene ndikanayankhulira nditagwada pakhomo pa munthu wamkulu. Kwathu munthu sufikira kunena chimene wadzera. Umayamba wapereka malonje, mmene wadzukira, mmene wayendera, za odwala kumudzi, kenako mwini nyumba ndiye amakufunsa kuti kwagwanji.

M'mawa mwake ndinapita ku ofesi. Kalaliki anali mayi wa ku Mulanje, wocheperapo kwa ine, wolankhula mofulumira. Anasanthula mafailo angapo osaipeza kalata yanga ija. Kenako anatsegula ina yopyapyala, n'kuitulutsa. Pamwamba pake panali mawu amene bwana analemba ndi cholembera chofiira.

"Ndi iyi. Abwana analemba kuti ndi yothokoza, ndiye ndinaiika ku zothokoza."

"Si yothokoza ayi. Ndi yopempha."

"Mukupempha pati?"

Anayamba kuiwerenga mokweza. Inkati: "Bwana, choyamba ndipepese kwambiri chifukwa chokutayitsani nthawi, podziwa kuti muli ndi zochita zambiri nyengo ino ya fodya. Ine ndine munthu wosaphunzira, ndiye mundikhululukire ngati ndalakwitsa kalembedwe. Ndithokoze chifukwa cha bokosi ndi galimoto zimene munatithandiza pa maliro a amuna anga, amene anadwala nthawi yochepa, poyamba tinkayesa malungo. Ndikudziwa kuti ndilibe ufulu wina uliwonse pa esiteti pano ndipo mwachita kale zambiri." Tsamba loyamba linathera pamenepo. Za nyumba ndi za mwana zinali kuseli.

"Amayi," anatero, "abwana makalata amawerenga ataimirira, kiyi wa galimoto ali m'manja. Mwezi uno fodya ali m'zigafa, mutu wawo suli pano. Anawerenga mizere inayi, anaona bokosi, anaona zikomo, basi. Kuseliko ngakhale ine sindinafikeko."

Anang'amba pepala m'kope n'kundipatsa pamodzi ndi cholembera chake.

"Tandiuzeni ndi pakamwa. Mukufuna chiyani?"

"Mukudziwa kuti bambo aja atadwala..."

"Ndinali pa maliro, amayi, ndinaphika nawo ndiwo. Mukufuna chiyani?"

"Ndimati mwina ngati kungatheke, poti mwanayu..."

"Mukamagula mchere kwa achimwene a pa golosale paja mumayambira kuti? Kwa agogo anu?"

Ndinaseka, ngakhale sindinkafuna. Ndinati, "Ndikufuna kukhala m'nyumbamo."

"Mpaka liti? Mukapanda kunena aganiza kuti mpaka Yesu adzabwere."

"Mpaka mwana alembe mayeso."

"Abwana sadziwa kuti mayeso ndi liti. Tchulani mwezi."

Ndinalemba pang'onopang'ono, iye akusindikiza mapepala ake. Ndinayamba ndi kuti, "Bwana, pepani, ndimati ndipemphe nawo ngati n'kotheka." Anasuzumira, n'kuika chala pa "pepani".

"Mwalakwa chiyani?"

"Palibe."

"Ndiye chotsani. Uyu 'ndimati' nayenso achoke, ngati kuti munasintha maganizo m'njira."

Apa ndinakana. Ndinamuuza kuti ine sindinaleredwe choncho, kumulowa munthu wamkulu ngati ndikumuitanitsa ngongole. Bwanayo anatithandiza pa maliro, ndipo amuna anga anamugwirira ntchito zaka zambiri osakangana naye. Sindinkafuna kuti pomaliza anene kuti mkazi wake ndi wamwano. Chinanso sindinachinene. Pamene pankanena za matenda a amuna anga ndi pokhapo pamene iwo ankaonekera m'kalatamo, ndipo kufufutapo kunkandiwawa.

Kalalikiyo analeka kusindikiza. Anati ulemu suchoka, ungosamuka malo. Mawu akuti "ndikupempha" ndi ulemu kale. Zikomo wa bokosi apite kumapeto, bwana akamufika atadziwa kale chimene ndadzera. Koma mzere wakuti ndilibe ufulu anati usapezeke paliponse.

"Umenewo ndi yankho lawo. Mukuwalembera nokha kuti akane?"

Chiganizo choyamba chinatuluka chotere: "Ndikupempha kuti mundilole kukhalabe m'nyumba ya dalaivala wa thalakitala mpaka kumapeto kwa Meyi, kuti mwana wanga alembe mayeso a Sitandade 8 pa sukulu ya pafupi pano." Pansi pake ndinalemba kuti ndine mkazi wa malemu dalaivala, kuti dzina la mwana linalembetsedwa kale pa sukuluyo, ndi kuti mayeso akadzangotha ndidzapereka kiyi. Ndinatsiriza ndi kuthokoza chifukwa cha bokosi ndi galimoto. Za malungo sindinalembe. Kalata yonse sinafike ndi pakati pa tsamba pomwe. Nditaiwerenga ndinaona ngati yalembedwa ndi munthu wina, wouma mtima kuposa ine. Ndinasainabe.

Bwana anafika dzuwa lili pamutu, nsapato zili matope okhaokha. Ine ndinali pa benchi panja. Ndinamuona pa windo akulandira pepalalo, ataimirira ndithu. Sanachedwe nalo. Anatuluka n'kundipatsa moni, ine n'kugwada.

"Mayi, Meyi ndi kutali. Dalaivala akubwera ndi banja lake pa 1, ndipo ndinamulonjeza nyumba imeneyo."

Ndinangoti, "Inde, bwana."

"Mwanayo ndi uja ankabweretsa chakudya cha bambo ake kumunda?"

"Yemweyo."

Anayang'ananso pepala lija. Anati kuseli kwa shedi yosankhira fodya kuli chipinda chimodzi chimene ankagonamo mlonda. Denga likudontha mbali imodzi, koma auza kalipentala. Ndikhoza kukhalamo mpaka kumapeto kwa Meyi. Analemba zimenezo pansi pa kalata yanga, n'kusaina, n'kukwera galimoto.

Tinasamukira m'chipindamo pakutha pa mwezi. Katundu wambiri ndinatumiza ku Dambe pa ngolo, tinatsala ndi mphasa, ziwiya ndi tebulo laling'ono la mwana. Kalipentala sanabwere, tinkatchera beseni. Chipindacho chinkanunkha fodya, ndipo zovala zathu zinatenga fungolo. Mwana analemba mayeso ake onse, ndipo tsiku lotsatira ndinakapereka kiyi kwa kalaliki uja. Zotsatira zitatuluka anasankhidwa kupita ku sekondale yoyendera.

Pano ndimakhala kwathu ku Dambe. Ndimalima mtedza ndi soya pa munda umene anandigawira alongo anga, ndipo Loweruka ndimakagulitsa pa msika.