Malaya Khumi ndi Awiri a Bamanijala

Ku Dambwa North aliyense amamudziwa Mbaita, mayi wosoka pakhonde. Makina ake opalasa ndi mapazi anayambira kuzigamba za ana ake, kenako mazipi a anansi ndi mayunifomu a mu Januwale. Koma Januwale amabwera kamodzi pachaka pomwe mimba imalira tsiku lililonse. Mwayi wake unali loji ina yogona alendo ya ku Nakatindi, yomwe inayamba kumupatsa ntchito mwezi ndi mwezi: makatani, maepuloni, malaya a operekera zakudya. Lendi ya nyumba inkachokera pamenepo.

Ndiye panali mwamuna wake, Muyangwa. Munthuyu ulusi pasingano sangalowetse, koma ntchito yaulonda itamuthera anadzipatsa yekha udindo wa manijala. Ankakhala pampando miyendo ili tambalale, tepi yoyezera ili m'khosi ngati dokotala, n'kumaweruza. Chomwe chinkamunyansa kwambiri chinali kuona mkazi wake akuviika nsalu yatsopano m'madzi, kuiyanika, kuisita, asanaikepo sizasi.

"Chitenge cha nyowani muchiwasha? Ni kutaya chabe nthawi," ankatero.

"Ba Muyangwa, kotoni imabwerera ikaona manzi," Mbaita ankayankha. "Ibwerere nikalibe kudula."

Mwezi wina lojiyo inatumiza nsalu ya chitenge ya malaya khumi ndi awiri, ofunika pakatha masabata awiri. Mawa lake Mbaita anamva za maliro a azakhali ake ku Mongu. Anatsekera nsaluyo m'sutikesi n'kuisiya kunyumba, nati adzasoka akabwera, masiku alipo. Manijala anaona kuti nthawi yake yoonetsa nzeru yakwana. Anatsegula sutikesi ija, natenga nsalu ndi kabuku ka miyeso, ulendo ku Maramba kwa telala wina wothamangitsa ntchito. Telalayo atafunsa ngati nsaluyo inaviikidwa, mkuluyo anagwedeza mutu kuti inde. Masiku atatu malaya anali atafika kuloji, iye akuyenda chifuwa patsogolo.

Kuloji amachapa ndi madzi otentha. Atangochapa kamodzi, mabatani anayamba kukoka, michombo ya anyamata ili pamtunda alendo akudya. Zamanyazi zedi! Pofika Mbaita anapeza pulasitiki ya malaya pakhonde, ndi uthenga pafoni wochokera kuloji woti apeza telala wina. Anapita kukapepesa, anagwada, koma mayi woyang'anira lojiyo anangoti, "Ise tinapatsa imwe, osati bamuna banu."

Zinamupweteka mpaka m'mafupa. Zaka zinayi za kusamala msoko uliwonse zinathera m'manja mwa munthu wosadziwa kutsogolo kwa nsalu ndi kumbuyo kwake. Anatenga malaya akale a Muyangwa, onse, n'kuwadula timikanjo ta ana tokagulitsa kumsika wa ku Maramba, poti lendi sidikira. Mwamunayo atafunsa chomwe avale, anamuponyera pulasitiki ija.

"Ni yanu. Twelufu. Mukasiliza kuvala yonse, muzaniuza."

Lero mukakumana ndi bambo wa malaya a chitenge osafika pa lamba, akuyenda atapana mimba, musamufunse kuti bizinesi ikuyenda bwanji.