Foni Imene Inalowa M'makutu mwa Apongozi

A Bestone Zgambo makutu awo anawasiya ku Luwawa. Analowa ntchito pa macheka a paini asanamere ndevu, natuluka imvi zili mbuu, ndipo pa zaka zonsezo phokoso la macheka linkawadya kumva pang'onopang'ono, ngati chiswe m'phaso. Pobwerera kumudzi kwawo, kufupi ndi Jenda, anali ataphunzira luso limene ogontha ambiri amaliphunzira popanda mphunzitsi: kugwedeza mutu. Munthu akalankhula, iwo ankayang'ana milomo, n'kugwedeza, n'kunena kuti, "Yewo, yewo." Ankavomera za maliro, za mitengo ya fodya, ngakhalenso zowanyoza. Kufunsa kachitatu kunkawachititsa manyazi kuposa kusamva.

Mayi a kunyumba atamwalira, pakhomo panatsala anthu awiri: a Zgambo ndi mpongozi wawo Lettie, mkazi wa mwana wawo Amon. Amon, monga anyamata ambiri a ku Mzimba, ankagwira ntchito ku Joni ndipo ankabwera pa Khrisimasi pokha. Lettie anali wa ku Dowa, choncho pakhomopo Chichewa ndi Chitumbuka zinkadyera mbale imodzi. Mwambo wa chipongozi ankausunga kwathunthu. Sankawayang'ana kumaso, sankawapatsa chinthu m'manja. Ankagwada chapatali n'kuchiika pansi. Iwo ankamutchula NyaMwale, ndipo mawu amene awiriwa ankalankhulana pa tsiku sakanadzaza chikho.

Banja la Amon linali litakhalitsa popanda mwana. Mlandu wotere m'midzi yathu suzengedwa, chigamulo chimakhala chilipo kale, ndipo chimagwera mkazi. Amene ankachilengeza mokweza anali a Victoria, mlongo wa a Zgambo, koma a Zgambo nawo sanali ongoonerera. Ndi iwo amene anapeza mtsikana wa banja lina cha ku Embangweni woti akhale mkazi wachiwiri wa Amon, ndi iwonso amene anasankha ng'ombe za malowolo m'khola mwawo. Lettie anamva zonsezi ku chitsime, monga mmene nkhani zotere zimamvekera, ndipo anangouza mnzake mmodzi kuti mitala sangaithe: mkazi winayo akalowa, iye akwera basi ya ku Dowa.

Pa Khrisimasi yapitayo Amon anatengera bambo ake ku chipatala cha makutu ku Lilongwe. Kumeneko anawayeza, nawaveka timakina tiwiri tothandiza kumva, tokhala kuseri kwa khutu, totchajidwa m'kabokosi kake. Mayi wowayezayo analumikiza timakinato ndi foni yatsopano kudzera pa Bulutufu, nafotokoza bwinobwino. Foni ikalira, mawu a woimbayo azilowa molunjika m'makutu onse awiri, ndipo woima pafupi sazimva kanthu. Mawu a iwo eni azitengedwabe ndi foni, choncho aziyigwira pafupi ndi pakamwa. Kulumikizanaku kumagwira ngakhale foni ili m'chipinda china, malinga isatalikire kwambiri. Ndipo akafuna kupatsa wina foni, ayambe azimitsa Bulutufu kapena asankhe pagalasi kuti mawu atulukire pa foni, apo ayi winayo adzalankhula koma yankho lidzabwera kwa iwo.

Mfundo yomalizayi mayiyo anainena atatembenukira ku kompyuta yake, a Zgambo ali otanganidwa ndi chodabwitsa china: ankamva pepala likukhwekhwereza patebulo. Anagwedeza mutu. "Yewo, yewo."

Miyezi yotsatirayo inali yokoma. Kale foni yawo inkakhala pa sipika, Amon akukuwa kuchokera ku Joni, mudzi wonse ukumvera nawo. Tsopano mwana wawo ankalankhula mwa pansipansi, m'kati mwa mutu wawo, ngati wakhala nawo pa mpando umodzi. Anzawo a pa bawo ku Jenda ankawaseka kuti, "Zgambo, wayamba kuyankhula ndi mizimu masana?" Iwo ankangoloza khutu monyadira. Foni sankabwereketsa, ndipo panalibe wowabwereka, popeza Lettie anali ndi yake.

Ulendo wokapereka malowolo ku Embangweni unakonzedwa kuti ukhale Loweruka. Masana a Lachinayi a Zgambo anali pakhonde akupala mpini wa khasu pamene foni inalira m'makutu mwawo.

"Adada, muli uli?" anatero Amon. Mawu ake anali ouma. "Foni ya NyaMwale sikugwira. Ali pafupi?"

"Yake inagwera m'ndowa dzulo, ili kwa okonza. Dikira." Anakweza mawu. "NyaMwale! Amuna anu."

Anaika foni pa mphasa. Lettie anabwera, nagwada, naitola, n'kuzungulira kuseri kwa mpanda wa udzu wa kukhitchini, mtunda woti munthu akhoza kuponyera chitsononkho. A Zgambo anatolanso mpini wawo. Kuseri kwa mpanda kunamveka mawu otsika akuti, "Halo, ndine."

Ndipo m'makutu mwawo, momveka ngati belu, Amon anayankha.

"Lettie, usayankhe chilichonse, ndikudziwa adada ali pafupi. Ungomvetsera."

Apa ndi pamene nkhani ya a Zgambo imavutira kuiweruza. Iwo anazindikira nthawi yomweyo chimene chikuchitika. Manja anali nawo, ndipo kuzula timakina m'makutu ndi ntchito ya kuphethira kwa diso. Akanathanso kuitana. Koma kuitana kukanatanthauza kuulula kwa mpongozi kuti amva mawu oyamba a mwamuna wake, ndipo pamene ankayeza manyazi amenewo, mawu achiwiri anali atalowa kale. Tinenenso chilungamo: munthu amene wakhala zaka zambiri akusiyidwa kunja kwa nkhani zonse safulumira kutseka khomo limene latseguka lokha.

"Ndinapita kuchipatala kuno mwezi watha," Amon anapitiriza. "Anandiyeza kawiri. Vuto lili mwa ine, Lettie. Si iwe. Sizinakhalepo za iwe. Ankhazi a Victoria andiuza za Loweruka, ndiye ndaona kuti sindingakhalenso chete. Koma ndapota, adada asadziwe. Ndine mwana wawo mmodzi yekha wamwamuna. Ndingawayang'ane bwanji?" Anapuma. "Ukundimva? Nena mawu amodzi okha."

Kuseri kwa mpanda Lettie anali atagwira kukhutu foni yopanda mawu, akudikira kuti netiweki ibwerere, monga anazolowerera ndi mafoni a ku Joni. Atatopa, anaona kuti yaduka, nadina pofiira.

M'makutu mwa a Zgambo munangoti zii. Kenaka munabwerera nkhuku, mphepo, ndi mapazi a Lettie. Anagwada, naika foni pa mphasa.

"Sizikumveka, adada. Mwina aimbanso."

"Yewo," anatero a Zgambo, maso ali pa mpini.

Amon sanaimbenso, ndipo a Zgambo anadziwa chifukwa chake. Mnyamatayo anali atavula mtima wake wonse, napempha mawu amodzi, n'kumva foni ikudulidwa. Kumeneko ku Joni ankakhulupirira kuti mkazi wake wamva ndipo wamutaya. Kuno mkaziyo ankatsuka mbale, osadziwa kuti mlandu umene wausenza zaka zonsezi si wake. Choonadi chonse chinali m'mutu mwa munthu mmodzi amene sichinamuyenere, yemwenso anali atasankha kale ng'ombe.

Anapita kukhola, naima pamenepo nthawi yaitali. Anakumbukira tsiku limene anauza a Victoria, Lettie ali kukhitchini akusesa, kuti munda wosabereka sautsirira manyowa mpaka kalekale. Nthawi imeneyo anali asanavale timakina, ndipo ogontha sadziwa kukula kwa mawu awo. Tsopano, atamva mmene mawu amayendera pabwalo lawo, anazindikira kuti mwambi uja unafika mpaka kukhitchini.

Njira yosavuta inalipo. Akanangothetsa ulendowo mwakachetechete n'kusiya awiriwo kuti adzapezane okha. Koma Amon akanatha kukhala miyezi osaimba, ndipo Lettie akanatenga kukhala cheteko ngati kuvomereza mitala. Dzuwa litapendeka, a Zgambo anaimba okha.

"Amon."

"Adada."

"NyaMwale sanakudulire foni. Sanamve kanthu. Mawu ako onse anabwera kuno, m'makutu mwanga."

Timakina tabwino timapereka chilichonse, ngakhale kupuma kwa munthu. A Zgambo anamva mwana wawo akukoka mpweya, anamva galimoto ikudutsa mumsewu wa ku Joni.

"Munamva mpaka pati?"

"Mpaka pomaliza."

"Bwanji simunachotse, adada?"

"Sindinachotse," anatero a Zgambo. "Mbwenu ndalakwa. Tsopano ndiuze podina kuti mawu achoke kwa ine. Undiuze pang'onopang'ono, ndipo ndikapanda kumvetsa ndifunsanso."

Anafunsa kangapo. Amon anawalondolera pa kachizindikiro ka Bulutufu. Atakazimitsa, a Zgambo sanakhutirebe. Anavula timakina tonse tiwiri, natitsekera m'kabokosi kake, naika foni pa mphasa, naitana Lettie ndi mawu amene iwo eni sankawamva kukula kwake. Kenaka anatenga khasu n'kupita kudimba, kumene kunalibe cholima.

Zimene awiriwo anakambirana sakuzidziwa mpaka lero. Pobwera anapeza foni pa mphasa, madzi osamba ali kubafa. Lettie sanatuluke m'nyumba mwake.

Loweruka m'mawa a Victoria anafika atavala chitenje chatsopano, ndi ambulera m'khwapa. Anapeza mlongo wawo ali m'malaya a kumunda.

"Adumbu, mukapita kwa eni mwana mutavala ngati woopseza mbalame?"

"Sitipita."

"Mwati bwanji? Batire yatha m'makutumo?"

"Ndamva bwino. Ulendo kulibe. Ng'ombe zikhala m'khola, ndipo NyaMwale akhala pakhomo pano."

A Victoria anaika ambulera pansi. "Anthu aja aphika. Munawapempha ndinu, ndi pakamwa panu. Chifukwa chake n'chiyani?"

Chifukwa chinalipo, chachidule, chokwanira kutseka pakamwa pa mlongo wawo ndi pa mudzi wonse. Koma chinali cha Amon, ndipo iwo anali atachiba kale kamodzi.

"Ndasintha maganizo."

"Nkhalamba yonseyi, kusintha maganizo ngati mwana wa sukulu! Ndikawauza chiyani ku Embangweni?"

"Mukawauze kuti Zgambo ndi munthu wosakhazikika. Ndidzapita ndekha kukapepesa."

"Wakudyetsani chiyani mtsikana wa ku Dowa ameneyu?" A Victoria anakweza mawu dala, atayang'ana kukhitchini. "Dzina la adada lithere pa inu, inu mukuseka?"

A Zgambo sankaseka. Mawu onsewo anawamva bwino lomwe, lililonse palokha.

Anapitadi ku Embangweni sabata yotsatira, nakhala pansi pa bwalo la eni mtsikana, nalandira mawu amene munthu wobweza pempho lake amalandira. Ku Jenda nkhani inafala yoti anadyetsedwa mankhwala, ndipo pa bawo amawaseka nayo mpaka pano. A Victoria anasiya kuponda pakhomopo. Amon amaimba mwa apo ndi apo, ndipo iye ndi bambo ake amakamba za mvula ndi za ng'ombe, mwaulemu wochuluka kuposa kale. Khrisimasi ikubwerayi sananene ngati abwera.

Lettie sanakwere basi ya ku Dowa. Amagwadabe chapatali, amaikabe zinthu pansi. Sanafunsepo apongozi ake zimene akudziwa, ndipo iwo sanapepesepo za munda wosabereka, chifukwa mwambo umene unawalola kunena mwambiwo pabwalo suwapatsa mawu oubwezera.