Mabuku a Tsiku la Alendo

Chaka chimene sukulu inakhala yaulere, kwathu cha ku Lisungwi, ahedi anandisankha kuti ndikalankhule pa asembule za ubwino wa kuwerenga. Ndinakayika. Mabuku ankawatsekera mu ofesi mwawo, ati tingawang'ambe. Nanga lero kwagwanji?

M'mawa mwake anatigawira mabuku atsopano. Posakhalitsa galimoto ya alendo ochokera kuboma inatulukira.

Ndinaimirira n'kunena kuti, "Anzanga, munthu wosadziwa kuwerenga amamwa mankhwala mongoganizira, amadinda chala pa zinthu zimene sakuzidziwa. Tsegulani buku lero, osati mawa!"

Alendo anaomba m'manja. Anzanga sanatsegule, ankangoyang'ana ahedi. Alendo atanyamuka, fumbi la galimoto yawo lisanathe n'komwe, ahediwo anakuwa kuti, "Bwezani mabuku, mungadetse!"

Langa ndinabweza masamba ake akadali omatana.