Mkazi mnzanga wa pamkono

Wotchi ija inabwera kuchokera ku Lusaka m'kabokosi koyera. Anaitumiza ndi mwana wathu woyamba atamva kuti bambo ake awapeza ndi BP. Ine ndine nesi, ndagwira ntchito ku Chama zaka zambiri, koma m'nyumba mwanga ndinalibe mawu. Ndikati imwani mankhwala, amuna anga ankayankha kuti iwo si odwala a muwodi yanga. Koma wotchi ikanjenjemera 6 koloko m'mawa, mphunzitsi wamkulu wathunthu ankadzuka n'kumeza piritsi osawiringula. Ndinayamba kuitcha mkazi mnzanga, ndipo kansanje kanalipo ndithu.

Vuto lake mkazi mnzangayu anali waulesi. Masiku ambiri ankagona batire ili pamwamba, kukacha wakomoka, nkhope bii. Tsiku lotero piritsi linkadikira kuti ine ndiyambe kulongolola.

Kenako amuna anga anasankhidwa kukayang'anira mayeso pasukulu ina cha ku Chifunda, masiku asanu. Kumene ankakagona kunalibe magetsi, ndipo netiweki ya foni amachita kuikwerera pachulu. Ndinachita mantha. Ndawaonapo abambo amene anadumphitsa mankhwala sabata imodzi akubwera nawo pangolo, pakamwa patapotoka.

"Ni yafeki iyi," anatero amuna anga, akuloza wotchi. "Mwana anamugulitsa chakufa."

"Bweretsani kuno, abambo, niipime."

Ndinaifunsa mafunso monga ndimachitira ndi wodwala. Ndinatsegula pamene imaonetsa zomwe zadya batire, ndipo mlandu woyamba unali wawo. Madzulo alionse ankadina kachithunzi ka munthu woyenda n'kupita kumsika, kuti mwana aone pafoni yake kuti bambo akulimbitsa thupi. Pobwera sankadina poimitsa. Choncho kwa wotchi, amuna anga anali akadali pa ulendo mpaka mbandakucha, GPS ikufunafuna masetilaiti pansi pa malata pomwe mwini wake akuliza mkonono.

"Mumayenda usiku wonse ka inu," ndinatero. "Anthu akamva azati chani?"

Sanaseke. Mlandu wachiwiri unali wa galasi. Analisiya loyaka nthawi zonse, kuwala kwake mpaka kumapeto, ati kuti aziona bwino, koma ine ndikudziwa kuti ankafuna aphunzitsi anzawo aziiona. Linkawalanso kwambiri akangotukula mkono. Ndiye m'chigwa muno mwezi wa Novembala ndani amagona osatembenuka? Kutentha, udzudzu umodzi wolowa m'neti, mbama iliyonse wotchi inkayesa kuti bwana akufuna nthawi.

Zina zinali tinyale tam'munsi mwake. Kobiriwira kankawerenga mtima osapuma, kofiira kankayeza mpweya wa m'magazi usiku wonse. Pamwamba pa izo, uthenga uliwonse wa pagulu la kwaya unkaigwedeza, ngakhale "ameni" wachikhumi.

Ndinayamba kudula. Galasi lizizima, kuwala pakati, ndipo usiku lisayake pokhapokha atadina batani. Mpweya wa m'magazi ndinatseka, mapapo awo alibe vuto. Mtima ndinati iziwerenga mphindi khumi zilizonse. Mauthenga ndinatseka onse, Wi-Fi nayonso, poti kumeneko ikanangotopa kufuna chinthu chomwe kulibe. Alamu ndinaisiya, chifukwa imanjenjemera yokha ngakhale foni itazima.

"Manje mwaisandutsa nkoloko chabe," anadandaula. "Yasiyana bwanji na ya pamsika?"

"Ya pamsika simuimvera."

Tinaiyesa masiku awiri, ndipo m'mawa uliwonse inali itatsika pang'ono pokha. Lamlungu ndinaitchaja mpaka kudzaza, ndinawerenga mapiritsi asanu m'kabotolo, ndipo anakwera njinga yamoto atalonjeza Mulungu ndi ine kuti kamunthu koyenda sakakadina.

Sabata imeneyo sindinali ine. Honda iliyonse yolowa pageti la chipatala ndinkaisuzumira. Foni yawo sinkapezeka, monga tinkadziwira kale, komabe ndinkaimba.

Anafika Lachisanu madzulo, fumbi mpaka m'nsidze. Asanakhale n'komwe anandipatsa kabotolo kopanda kanthu, kenako anatambasula mkono ngati mwana woonetsa lipoti. Wotchi inali moyo, batire itatsala pang'ono. Ndinawayeza BP pakhonde pomwepo. Inali bwino, ndipo ndinalowa kukhitchini kuti asaone maso anga.

M'mawa mwake 6 koloko ndinamva kunjenjemera kuja. Ndinapitiriza kusesa, poti ntchitoyo inali ndi mwini wake tsopano. Patapita kanthawi anatulukira pakhomo, piritsi lili m'manja, sanamwe.

"Amayi, simukamba kanthu lelo?"

"Si wakuuzani kale mkazi mnzanga?"

"Uja amangogwedeza, sakalipa," anatero. "Masiku asanu palibe wonikalipila. Nenze kumwa monga mwana wamasiye."

Ndinatsamiritsa tsache kukhoma, ndinawatungira madzi, ndipo ndinawakalipira bwinobwino mpaka anameza.