Ndinabwerera pageti

Pamsewu wokwera kuphiri tinalipo amayi asanu, ogulitsa sitiroberi, mapeyala ndi magalagadeya. Foni yaikulu ndinali nayo ine ndekha, choncho chikalatacho chinafikira kwa ine. Chinali ndi chidindo ndi dzina la sukulu ina yogonera komweko ya m'tauni. Ati ankafuna magulu a amayi oti azipereka zipatso ndi ndiwo zamasamba chaka chonse. Tenda. Kulembetsa kunali kotumiza ndalama pa nambala ya foni, Lachisanu lisanadutse.

Wamkulu wa gulu lathu, mayi wa ku Mtiya, sanafune kuthamanga.

“Achemwali, inu mumatha kuwerenga,” anandiuza. “Tsikani mukafunse ku ofesi kwawoko. Mukawaone ndi maso.”

Ndinatsika mwana ali kumbuyo. Pageti ndinapeza magalimoto akulowa, anthu a mataye akupatsana moni m'Chingerezi. Mlonda anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

“Mayi, ogulitsa malonda salowa kuno. Mukufuna ndani?”

Ndinangoti pepani, n'kubwerera. Chikwangwani cha pageti chinali ndi dzina lomwe lija la pachikalata, ndiye ndinadziuza kuti basi, ndaona ndi maso.

“Ndi zoona,” ndinawauza anzanga.

Tinasonkha ndalama, ine n'kutumiza. Mawa lake bambo wa mawu aulemu anaimba, ati tapambana, koma pakufunika ina yokonzera mapepala. Wamkulu wathu anagulitsa mbuzi yake. Sanafunsenso kanthu, poti ine ndinali nditapitako.

Lolemba tinatsitsa madengu onse kukapereka kusukuluko. Nambala ija sinkapezekanso. Mayi wogula katundu wa sukuluyo anatulukira pageti, n'kuwerenga chikalatacho pafoni yanga.

“Si chathu ichi,” anatero. “Tenda yathu imatuluka m'nyuzipepala. Ngati mapepala ake ali ogula, mumalipira kwa kashiya muno, n'kulandira lisiti. Mitengo yanu mumaika mu envelopu yomata, n'kuponya m'bokosi, ndipo timatsegula anthu akuona. Mwapambana bwanji musanalembe mtengo? Mukanabwera kudzafunsa, ndikanakuuzani.”

Onse anatembenukira kwa ine. Mwana anayamba kulira, ine n'kumamugwedeza, maso ali pansi.

“Munalankhula ndi ndani, achemwali?” anafunsa wamkulu wathu.

“Mlonda.”

“Anati chiyani?”

“Anati ndikufuna ndani.”

Sitiroberi sizidikira munthu. Pofika masana zinali zitalira madzi m'madengu, tinazigulitsa motaya pafupi ndi depoti. Kupolisi analemba zonse, nambala ija ndi maina athu. Wakubayo sindinamuonepo, ngakhale dzina lake lenileni sindilidziwa. Iye sanataye kanthu.

Anzanga sanandithamangitse. Ankangoti galimoto ikaima, madengu awo ankaimika kutsogolo kwa langa, wina n'kunena mokweza, “Musawavutitse awo, ndi amanyazi.” Patapita mwezi ndinasamukira kumunsi, pakona pamene magalimoto saima kawirikawiri. Ndimagulitsa pamenepo ndekha mpaka lero.