Gulu la 5:30

Kalata ya akochi inali ya masamba awiri, ndipo ine ndinangoyang'ana tsamba lachiwiri. Pa tsambalo panali tchati, mabokosi ndi manambala, ndipo ndinaganiza kuti manambala safuna Chingerezi. Tsamba loyamba linali lodzaza mawu kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ndinalipinda n'kuliponya m'chikwama.

Nthawi imeneyo ndinkakhala ku komboni ya George ndi akulu anga, mayi wamasiye wogulitsa tomato ndi anyezi pamsika. Kuchipatala anali atawauza kuti magazi awo akuthamanga kwambiri, ndipo kuwonjezera pa mankhwala aziyenda ndi kuthamanga pang'ono. Iwo ndi amene anamva za kalabu ina yothamanga ku Matero, yokumana Loweruka lililonse m'mawa pabwalo la sukulu. Anandikoka kuti tilembetse tonse, nagula nsapato zasalaula, zovalidwapo kale, nazichapa kawiri. Sindinawaonepo akusangalala choncho chimwalirire alamu anga.

Akulu angawo sukulu anailekera giredi 7 kuti ine ndipitirize. Choncho pepala lililonse lachingerezi lolowa m'nyumba mwathu linkafikira m'manja mwanga, ndipo ine ndinkalilandira ngati loya.

"Iwe, niŵerengeleko iyi kalata," anatero. "Bakamba chani ba kochi?"

"Bakamba chabe kuti musankhe gulu," ndinayankha, maso ali pafoni. "Onani, kuli 5:30, 6:30, 7:30 na 8:30."

"Ni nthawi zoyambila?"

"Nanga n'chani china?"

Iwo anasankha 5:30, chifukwa tomato sadikira munthu ndipo pofika eyiti amafunika akhale atayala kale. Ine ndinasankha 7:30 chifukwa cha tulo basi. Ndinatumiza uthenga kwa akochi wotchula magulu athu, nkhani n'kuthera pomwepo.

Loweruka anandidzutsa kuti ndiwaperekeze, poti mzimayi sayenda yekha kusanache bwino. Tinafika pabwalo faifi itangopitirira, tinapeza mlonda ndi galu wake. Akulu anga anayamba kudandaula kuti anthu a m'tauni sasunga nthawi. Anthu anayamba kufika chakumasikisi, onse pamodzi, a magulu onse. Ngati 7:30 inali nthawi, anzanga a 7:30 ankafuna chiyani pabwalo dzuwa lisanatuluke?

Akochi anali bambo wowonda wa wezulo pakhosi, wotanganidwa ndi kugawa anthu. Ataitana 5:30 panatuluka anyamata ndi atsikana angapo a miyendo ngati nsungwi, mawotchi ali pamkono. Akulu anga anamanga chitenje pamwamba pa thirauza n'kukaima pakati pawo. Wotsogolera gululo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Ba mami, muli shuwa ni gulu yanu iyi?"

"Ni yanga. Nifunika kusiliza mwamsanga, nili na katundu ku maliketi."

Anyamatawo anaseka, poyesa kuti akuchita nthabwala. Ine ndinali nditaima pafupi, ndikumva zonse. Ndinadziwa kuti china chake chalakwika, ndipo ndinadziwanso kuti wolakwitsa ndine. Kunali kungoyenda pang'ono n'kuwagwira dzanja. Koma kutero kunali kuvomera pamaso pa anthu achilendo kuti wa giredi 12 walephera kuwerenga pepala. Ndinawerama n'kumanganso zingwe za nsapato zomangidwa kale.

Zimene tsamba loyamba linkanena ndinaziwerenga madzulo a tsikulo, ndipo mpaka lero zimandiwawa chifukwa zinalembedwa momveka bwino. Akochi analemba kuti magulu onse amakumana sikisi, ndipo amanyamuka motsatizana, othamanga kwambiri patsogolo. Manambala a patchati si nthawi ya pa koloko, ndi mphindi ndi masekondi zimene gulu limatenga pa kilomita imodzi. Nambala ikachepa, liwiro limakula. Wa 5:30 amamaliza makilomita asanu m'mphindi 27 ndi theka, pamene wa 8:30 amatenga mphindi 42 ndi theka, ndipo gulu limenelo limasakaniza kuthamanga ndi kuyenda. Anati amene anadziyesapo pa makilomita asanu agawe mphindi zake pasanu kuti apeze gulu lake, ndipo amene sanadziyesepo ayambire ku 8:30. Pomaliza panali mzere wodulidwa kunsi ndi bolopeni: ngati simungathe kulankhula ndi mnzanu mukuthamanga, muli m'gulu lolakwika, bwererani m'mbuyo, palibe chamanyazi.

Palibe chamanyazi! N'zosavuta kulemba zimenezo uli ndi wezulo pakhosi.

Gulu lathu linanyamuka lachitatu. Ndipo onani tsoka lake: 7:30 inandikwana ngati diresi yosokedwa pa thupi langa. Ndinkathamanga ndikupuma bwinobwino, ine amene ndinasankha chifukwa cha ulesi. Tisanamalize kilomita yoyamba, pa msewu wolowera ku Chunga, tinawapeza akulu anga atakhala m'mphepete mwa ngalande. Chitenje chinali chitamasuka, iwo atasanza, akupuma ngati mvukuto. Anali atalimbikira kutsatira anyamatawo mpaka miyendo itakana. Makondakitala a minibasi anali atawazungulira, wina akukuwa kuti, "Ba mayo, kwelani chabe, tikupelekeni!" Munthu wina wa gulu la 6:30 anali atawajambula kale pafoni podutsa.

Ndinatsala nawo. Tinabwerera pang'onopang'ono, dzanja lawo lili paphewa langa.

Pabwalo akochi anabwera ndi botolo la madzi. Anali atachita mantha, ndipo mantha awo anatuluka ngati ukali. Sanatitengere pambali. Anafunsa pomwepo, anthu onse akumva.

"Ba mayi, munthu wa BP angafe na vinthu va so. Ninalemba vonse mu kalata. Munaŵerenga?"

"Ninaŵerenga."

"Mweka, olo kuli wamene anakuŵerengelani?"

Akulu anga sanandiyang'ane n'komwe.

"Neka," anatero. "Sukulu ninasiya kudala, ba kochi. Munikhululukile."

Akochi anapukusa mutu, natembenukira kwa anthu n'kuyamba kuphunzitsanso tchati chonse, akuloza akulu anga ngati chitsanzo. Ankanena zoona zokhazokha. Koma munthu amene analandira uthenga wanga, naona kuti mayi watsopano walembetsa 5:30, koma osamufunsa kanthu, ndi iwo omwewo, ndipo zimenezo sanazitchule. Ndimawasungirabe chakukhosi, ngakhale ndikudziwa kuti mbali yaikulu ya mkwiyowo ndi yanga.

Pofika masana chithunzi chija chinali chitazungulira pagulu la pafoni, ndi dzina latsopano pansi pake: ba Faifi Sate. Dzinalo linadumpha mpanda wa kalabu n'kukafika kumsika. Ogula tomato ankawaitana nalo, ana a m'njira nawonso, ndipo iwo ankaseka nawo chifukwa wamalonda sakwiyira kasitomala.

Madzulo aja, nditawerenga tsamba loyamba, ndinawauza akulu anga zonse. Ndinati Loweruka ndikaima pamaso pa anthu n'kuulula kuti ndine, ndipo gulu lawo lenileni ndi 8:30, komwe kuli amayi anzawo oyenda n'kumacheza. Anapitiriza kusankha tomato wophwanyika, akumuika pambali.

"Siya," anatero. "Mu nyumba muno mbuli imodzi yakwana. Tikankhala babili, nindani azatiŵerengela mapepala ya ku chipatala?"

Loweruka linafika, ndinapita ndekha, ndipo sindinaulule kanthu. Iwo sanapondenso pabwalopo. Ine tsopano ndili mu 6:30, ndipo chaka chatha akochi anandipempha kuti ndizifotokozera atsopano kawerengedwe ka tchati, poti ndimalongosola bwino. Ndinavomera.